Bondi yanu yatsika mtengo chifukwa chiwongoladzanja chakwera? Nayi nkhani yake

Masiku ano muno mu Lusaka anthu ambiri ayamba kugula mabondi a boma, ena ndi ndalama za chilimba, ena ndi ka penshoni, ndipo zonse zimayenda bwino mpaka tsiku limene munthu wafuna ndalama zake mwachangu. Wapita ku banki kapena kwa buloka kuti ndigulitseni bondi yanga ija, akumuuza mtengo wochepa kuposa umene anaikamo, ndiye basi mtima phaa ati andibera. Sanakubereni. Nthawi zambiri chimene chachitika nchakuti chiwongoladzanja cha mabondi atsopano chakwera inu mutagula kale yanu, ndipo izi zili ndi masamu ake amene mungawerenge nokha pa foni.

Mukagula bondi ndiye kuti mwabwereka boma ndalama, Bank of Zambia ndi amene amayendetsa okishoni yake m'malo mwa boma. Pali ya zaka 2, 3, 5, 7, 10 ndi 15. Boma limalonjeza zinthu ziwiri chabe, kukupatsani ka chiwongoladzanja kotchedwa kuponi pa miyezi 6 iliyonse, ndi kukubwezerani ndalama yolembedwa pa bondiyo tsiku lokhwima likafika. Apa mugwire bwino: kuponi ikalembedwa yalembedwa. Kaya mawa zinthu zidule mu Soweto, kaya kwacha igwe kaya idzuke, kaya a komiti ya ku Bank of Zambia akweze polise reti, chiwongoladzanja chimene amaika kuti chitsogolere mabanki, kuponi yanu sisuntha ngakhale ngwee imodzi. Ndiye popeza kuponi singasinthe, chinthu chokhacho chimene chingasinthe ndi mtengo umene munthu wina angavomere kukupatsani kuti atenge bondiyo.

Tiyeni titenge chitsanzo, manambalawa ndi ongoyerekeza kuti masamu aoneke bwino, si a okishoni ya mwezi uno ayi. Mayi wina wa salauni ku Kabwata wagula bondi ya K10,000 ya kuponi 12%. Pa chaka ndi K1,200, kutanthauza K600 pa miyezi 6 iliyonse, msonkho tiuyike pambali kaye. Papita nthawi, kwatsala zaka 2 kuti ikhwime, mwana wapeza malo ku koleji ndipo fizi ikufunika manje manje. Koma pa nthawi imeneyi boma likugulitsa mabondi atsopano a zaka 2 pa 16%, ndiye kuti munthu amene ali ndi K10,000 m'thumba akhoza kupita ku okishoni nkumalandira K800 pa miyezi 6 iliyonse.

Manje dzifunseni, inuyo mutakhala wogula, mungapereke K10,000 yathunthu kwa mayi uja kuti muzilandira K600, pamene boma lomwelo, ndalama yomweyo, zaka zomwezo, likukupatsani K800? Simungatero. Mudzati mayi, bondi yanu ndiitenga koma munditsitsireko. Ndipo kutsitsako sikongoganiza pamutu ngati mmene timanenerera mtengo wa salaula, kuli ndi polekezera pake, mtengo umatsika mpaka pamene wogulayo apeza phindu lofanana ndi 16% ija imene akanapeza ku okishoni.

Bondi ya mayiyu ikuperewera K200 pa malipiro aliwonse, ndipo malipiro atsala 4, ndiye mukaphatikiza ndi K800. Wina anganene kuti basi chotsani K800 mtengo ukhale K9,200, koma ayi, sizifika pamenepo, chifukwa ma K200 amenewo sakuperewera lero onse, ena ndi a chaka chamawa ena a chaka chinacho, ndipo K200 ya mtsogolo ndi yopepuka kuposa K200 ya lero. Ndiye timaichepetsa ndi 8% pa miyezi 6 iliyonse, imene ndi theka la 16% ija. Pa kakyuleta ya pa foni zimakhala chonchi:

```
200/1.08   = 185.19
200/1.08^2 = 171.47
200/1.08^3 = 158.77
200/1.08^4 = 147.01
           = 662.44
```

Ndiye mtengo woyenera wa bondi ya mayi uja ndi pafupifupi K9,338. Wogulayo apereka K9,338, azilandira ma K600 aja kanayi, kenako pa tsiku lokhwima boma limupatsa K10,000 yonse, ndipo K662 ya pamwambayo ndi imene ikukwaniritsa phindu lake kufika 16%. Phindu lonse limeneli, kuponi kuphatikiza kusiyana kwa mtengo wogulira ndi ndalama yobwezedwa kumapeto, ndi limene a ku banki amalitcha yildi. Mukamva akuti mayildi akwera, dziwani kuti akunenanso kuti mitengo ya mabondi akale yatsika, ndi nkhani imodzi yomweyo kungoti wina waiyambira kumutu wina kumiyendo. Komanso buloka sakuuzani kuti K9,338, amakonda kutchula mtengo pa K100 iliyonse, ndiye mukamva 93.38 musadabwe, pa bondi ya K10,000 mungochulukitsa ndi 100.

Apa pali chinthu chimene ongoyamba kumene ambiri sachiona, ndipo kwa ine ndi chimene chimaluma kwambiri. Tiyerekeze kuti bondi ya mayi uja inali ya zaka 15 ndipo kwatsala zaka 10, osati 2. Kuponi yomweyo 12%, msika wapita pa 16% chimodzimodzi. Manje K200 ija ikuperewera osati kanayi koma ka 20, ndipo mukachita masamu omwe aja mtengo umafika cha pa K8,036. Taonani, chiwongoladzanja chakwera mofanana ndendende, koma wa zaka 2 wataya K662 pamene wa zaka 10 wataya pafupifupi K1,964. Anthu amathamangira bondi ya zaka 10 kapena 15 chifukwa nthawi zambiri peresenti yake imaoneka yonona pa pepala la zotsatira za okishoni, osadziwa kuti yomweyo ndi imene mtengo wake umagwedezeka kwambiri reti ikangosuntha pang'ono. Peresenti yaikuluyo sikuti boma lakukondani, mbali ina akukulipirani chifukwa mwavomera kumangika nthawi yaitali.

Zimagwiranso ntchito chobwerera. Chiwongoladzanja chikatsika kuchoka pa 12% kufika pa 8%, mayi uja ndi amene amakhala bwana, bondi yake ya zaka 2 ingagulidwe cha pa K10,726 ndipo ya zaka 10 ija cha pa K12,718, chifukwa aliyense akufuna ma K600 amene boma silikuperekanso kwa ogula atsopano.

Nanga ngati simugulitsa? Ndiye kutsika kwa mtengoko kuli pa pepala chabe. Mukadikira mpaka tsiku lokhwima mulandira makuponi anu onse ndi K10,000 yanu yathunthu, bola boma lilipire monga linalonjezera. Koma ndisakunamizeni kuti palibe chimene mwataya, chilipo, anzanu amene anagula mochedwa akulandira K800 inu muli pa K600, ndipo kawirikawiri chimene chimakweza chiwongoladzanja ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ndiye K600 yanuyo ikugula unga wochepa kuposa kale. Kungoti kutaya kumeneku kumabwera pang'onopang'ono, pamene wogulitsa msanga amakumeza kamodzi.

Ndipo musaganize kuti izi zimagwira anthu wamba okha. Ku Amerika banki yaikulu ya dzikolo inayamba kukweza chiwongoladzanja mu Malichi 2022 kuchoka pafupi ndi ziro, ndipo pofika pakati pa 2023 chinali chitadutsa 5%. Banki ina ya kumeneko yotchedwa Silicon Valley Bank inali itaunjika ndalama za makasitomala m'mabondi a nthawi yaitali amene inagula reti ili pansi, makasitomala atayamba kutapa ndalama zawo inakakamizika kugulitsa mabondiwo pa mtengo wotsika, inalengeza kuti yaluza pafupifupi madola 1.8 biliyoni, ndipo pasanathe sabata mu Malichi 2023 inatsekedwa. Mabondiwo sanali oipa ayi, vuto linali lofanana ndi la mayi wa ku Kabwata, ndalama yofunika msanga inaikidwa m'chinthu cha nthawi yaitali.

Ndiye malangizo anga ndi akuti musanasankhe bondi, yambani mwadzifunsa kuti ndalama imeneyi ndidzaifuna liti, peresenti muiyang'ane pambuyo. Ngati ndi ya fizi ya chaka chamawa kapena ya lendi ya shopu, bondi si malo ake, kuli matirezhari bilu, ngongole za boma za nthawi yaifupi, a masiku 91, 182, 273 ndi 364 amene amakhwima msanga moti ngakhale reti ikwere simuvulala kwenikweni. Ngati muli ndi K30,000 ndipo simukudziwa bwino za mtsogolo, igaweni, ina ku zaka 2, ina ku zaka 3, ina ku zaka 5, kuti pakapita kanthawi ina izikhwima, ndipo ikakhwima reti ili pamwamba mumaiikanso pa peresenti yatsopanoyo mmalo modandaula. Ya zaka 10 ndi 15 isiyireni ndalama imene mukudziwa kuti simuikhudza, ngakhale kumudzi kutabwera foni ya maliro.

Kuti mudziwe kumene mtengo wa bondi yanu uli, musangomvera nkhani ya pa wailesi kuti polise reti yakwera kapena yatsika. Polise reti imakankha msika inde, koma mayildi a mabondi samayenda nayo phazi ndi phazi, amatengeranso kuti boma likufuna kubwereka zochuluka bwanji, mabanki ndi mabungwe a penshoni ali ndi ndalama zochuluka bwanji zoti aike, ndi mmene anthu akuonera za kwacha. Chimene muyang'ane ndi zotsatira za okishoni yaposachedwa zimene Bank of Zambia imatulutsa, ndipo muyerekeze ndi zaka zimene zatsala pa bondi yanu, osati zimene munagulira. Ngati munagula ya zaka 5 ndipo kwatsala 2, yang'anani yildi ya zaka 2. Ikakhala pamwamba pa kuponi yanu bondi yanu ili pansi pa K100, ikakhala pansi ndiye muli pamwamba.

Zikavuta ndithu mpaka mwaganiza zogulitsa, dziwani kuti K9,338 ija ndi mtengo wa masamu, wa pa msika ukhoza kuchepera apo, chifukwa mabondi akale amagulitsidwa kudzera ku mabanki ndi mabuloka a pa LuSE, msika wa masheya ndi mabondi wa mu Lusaka, ndipo ogula ka bondi kakang'ono sakhala ambiri, wogula akaona kuti muli pa changu amatsitsa dala. Funsani malo awiri kapena atatu, ndipo aliyense akuuzeni yildi imene wagwiritsa ntchito powerenga mtengowo kuti muiyerekeze ndi ya ku okishoni. Mufunsenso ngati mtengowo waphatikiza kuponi imene yaunjikana kuchokera pa malipiro omaliza, chifukwa ngati papita miyezi 4 chilandirireni K600, ndiye kuti pafupifupi K400 ya kuponi yotsatira ndi yanu ndipo wogula ayenera kuiwonjezera pamwamba. Pomaliza awerengereni komishoni yawo ndi zodula zina zonse, akulembereni ndalama yeniyeni imene ilowe mu akaunti yanu musanasaine fomu.