Akakuberani WhatsApp: zochita m'mphindi 10 zoyambirira

Mayi wina wogulitsa zitenje pa msika wa Kapata analandira uthenga kuchokera pa nambala ya mnzawo wa m'chilimba: "Amake mwana, ndatumiza kodi ku foni yanu molakwitsa, nditumizireni msanga." Mayiwo anatumiza manambala 6 amene anabwera pa SMS, osadziwa kuti ndi kodi yolowera mu WhatsApp yawo. Posakhalitsa mlamu wawo wa ku Katete anaimba kufunsa kuti K500 ya kuchipatala ija aitumizirenji pa nambala yachilendo. Mnzawo uja anali ataberedwa kale akaunti, ndipo wolembayo anali mbala, imene tsopano inali kupempha ndalama m'dzina la mayiwo.

Zizindikiro zake ndi zomwezo: SMS ya kodi imene simunapemphe, WhatsApp kukutulutsani n'kukufunsaninso nambala ngati foni ndi yatsopano, kapena abale kuyankha mauthenga amene inu simunalembe.

Choyamba, musafufute WhatsApp, chifukwa macheza anu akale ali m'foni mwanumo. Itseguleni, lembani nambala yanu kuyambira ndi +260, mudikire kodi yatsopano. SMS ikachedwa, sankhani kuti akuimbireni. Mukangolowetsa manambala 6 amenewo, mbala ija imatulutsidwa, poti kodiyo imafika kwa amene ali ndi simu, ndipo simu ili ndi inu.

Apa ndi pamene ambiri amataya mtima. Mukalowetsa kodi, WhatsApp ikhoza kufunsa PIN imene simunaikepo. Ndiye kuti mbala yatsegula Two-step verification. Musavutike n'kulotera manambala. Mudzadikira masiku 7 kuti mulowe popanda PIN, komabe wakubayo watuluka kale pamene munalowetsa kodi ija, sangalembenso m'dzina lanu. Masiku 7 ndi ambiri kwa munthu wa malonda, koma aliyense wokuuzani kuti mumulipire akutsegulireni lero ndi mbala yachiwiri.

Pamene mukudikira kodi, bwerekani foni ya mnzanu. Imbirani anthu atatu kapena anayi amene angakutumizireni ndalama osafunsa kawiri, komanso woyang'anira gulu la chilimba ndi la kutchalitchi kuti achenjeze onse. Kuimba kumaposa kulemba, chifukwa mawu anu amawadziwa.

Mukalowa, dinani timadontho titatu ta pamwamba ngati foni ndi ya Android, kapena Settings ngati ndi iPhone, kenako Linked devices, ndipo chipangizo chilichonse chimene simukuchidziwa muchitulutse ndi Log out. Onani kumeneku ngakhale WhatsApp sinakutulutseni: munthu amene munamubwereka foni kapena kumusiyira kuti atchaje akhoza kuilumikiza ku kompyuta yake n'kumawerenga zonse inu osadziwa. Kenako ku Settings, Account, Two-step verification, ikani PIN yanuyanu ya manambala 6 ndi imelo.

Koma ngati netiweki yazimiratu pa foni yanu yokha pamene ya anzanu ilipo, mwina nambala yanu yasamutsidwira pa simu ina, ndipo kodi ikupita kwa mbala. Tengani NRC, thamangani ku ofesi ya kampani ya simu yanu akaitseke simu inayo n'kukubwezerani nambala, mufunsenso za ndalama zanu za pa foni musanachokepo.