Momwe mungajambulire entiti yofooka pa dayagiramu ya databesi

Tiyerekeze sukulu ya sekondale ili ndi mabuloko awiri, A ndi B, ndipo buloko iliyonse zipinda zake zimayambira pa 1. Mukauza mwana kuti akatenge choko ku chipinda 2, akufunsani kuti 2 wa kuti. Mu databesi, chinthu chilichonse chomwe timasunga zambiri zake, monga buloko kapena chipinda, chimatchedwa entiti. Funso la mwana lija ndi chizindikiro chakuti chipinda ndi entiti yofooka: nambala yake payokha siyikwanira, imafuna dzina la mwini wake kuti idziwike. Buloko ndiye entiti yolimba, chifukwa kodi yake, A kapena B, siyisokonezeka ndi ina.

Yambani papepala. Kajambulidwe komwe aphunzitsi ambiri amafuna ndi ka Peter Chen, yemwe anatulutsa njira imeneyi mu 1976. Jambulani bokosi la BULOKO, kodi yake muitseke mzere kunsi, poti ndiyo kiyi, chomwe chimazindikiritsa buloko iliyonse. CHIPINDA chikhale m'bokosi la mizere iwiri. Pakati pawo ikani dayamondi, nayonso ya mizere iwiri, ndipo umenewu ndiwo ubale wozindikiritsa, chifukwa chipinda chimapezera dzina lake lonse kudzera mmenemo. Nambala ya chipinda muitseke ndi mzere wodukaduka, kusonyeza kuti ndi kiyi yosakwanira. Kuchokera pa CHIPINDA kukafika pa dayamondi kokani mizere iwiri, popeza palibe chipinda chopanda buloko. Mbali ya buloko lembani 1, mbali ya chipinda N, kusonyeza kuti buloko imodzi ili ndi zipinda zambiri.

Za pulogalamu musavutike nazo. draw.io ndi yaulere ndipo zojambula zonsezi zili pansi pa Entity Relation. Anyamata ena amagulitsa Visio yobedwa pa fulashi, mukalipira n'kupita kwanu ndi mavairasi m'laputopu. Ndalamayo ndi bwino mugulire bando.

Apa tsopano khalani pansi, chifukwa ndi pomwe ntchito yanga ina inakathera m'madzi. M'kaundula wa kalasi mwana aliyense ali ndi nambala. Mu Fomu 2A muli nambala 7, mu Fomu 2B mulinso nambala 7. Zikufanana ndendende ndi nkhani ya zipinda ija, choncho ndinajambula WOPHUNZIRA ngati entiti yofooka ya KALASI, kiyi yake kukhala kalasi ndi nambala. Chaka chonse zinkayenda bwinobwino. Vuto linabwera ana atakwera Fomu 3. Mwana wa 2A nambala 7 anasanduka wa 3B nambala 12, kutanthauza kuti kiyi yake yasintha, pomwe malikisi ake onse akuloza ku kiyi yakale. Choyipitsitsa n'chakuti mwana watsopano wa mu 2A anatenga nambala 7 ija, n'kupezeka ali ndi malikisi a munthu wina.

Musanajambule mizere iwiri, funsani izi: kodi chinthuchi chingasamukire kwa mwini wina n'kukhalabe chomwecho? Mwana amasamuka kalasi koma ndi yemweyo, ndiye mupatseni nambala yakeyake ya pasukulu, akhale entiti yolimba, ndipo ubale wake ndi kalasi ukhale wamba. Chipinda 2 cha buloko A sichidzadzuka tsiku lina chili ku B. Ndipo bulokoyo ikagumulidwa, chipindacho chapita nayo. Dziwaninso kuti kudalira kokha sikupangitsa chinthu kukhala chofooka. Mwana aliyense ayenera kukhala ndi kalasi, inde, koma poti ali ndi kiyi yake, amangolandira mizere iwiri yolowera ku dayamondi, bokosi lake likhala la mzere umodzi.

Mukamasandutsa dayagiramu kukhala tebulo, kiyi ya mwini imalowa m'kiyi ya chofookacho:

```sql
CREATE TABLE buloko (
  kodi CHAR(1) NOT NULL PRIMARY KEY
);

CREATE TABLE chipinda (
  buloko  CHAR(1) NOT NULL,
  nambala INT NOT NULL,
  mipando INT,
  PRIMARY KEY (buloko, nambala),
  FOREIGN KEY (buloko) REFERENCES buloko(kodi)
    ON DELETE CASCADE
);
```

Onani kuti `buloko` ikupezeka mu `PRIMARY KEY` komanso mu `FOREIGN KEY`. Ikangokhala mu `FOREIGN KEY` mokha, ubalewo si wozindikiritsa. Dayamondi ija ilibe tebulo yakeyake, yathera mommuno. Mu MySQL Workbench ubale wotere umaoneka ndi mzere wolunzana, wamba uja ndi wodukaduka.

Ena amadula njira n'kungoika `id` yodziwerengera yokha. Palibe cholakwa, bola muwonjezere `UNIQUE (buloko, nambala)`, apo ayi mudzapeza zipinda ziwiri zonse A2. Koma pamayeso jambulani mizere iwiri ija, malikisi ali pamenepo.

Kuyesa kwake n'kwachidule. Lowetsani A2 ndi B2, zonse zilowe. Bwerezani A2, ikane. Yesani C1 pomwe buloko C kulibe, ikanenso. Fufutani buloko A, zipinda zake zisowe. Ngati muli pa SQLite ndipo C1 yalowa, mwaiwala kulemba `PRAGMA foreign_keys = ON;` poyamba.