Kutulutsira Anthu Ochepa Chinthu Chatsopano

"Ndingayatse bwanji tsamba latsopano lolipirira kwa anthu ochepa kaye?"

Bisani tsambalo kuseri kwa fulagi, yomwe ndi switchi ya m'pulogalamu yoyatsira kapena kuzimitsira chinthu, muitche `new_checkout`, muitumize ili yozimitsa. Muyatsire antchito anzanu, kenako 1 peresenti ya makasitomala.

Posankha anthuwo musachite maere pa ulendo uliwonse, chifukwa munthu adzaona tsamba latsopano m'mawa, lakale madzulo, ngolo yake n'kusokonekera. Gwiritsani nambala yake yosasintha, `user_id`, ndipo aone tsamba latsopano pokhapokha izi zikakhala zoona:

```
hash("new_checkout" + user_id) % 100 < 1
```

Dzina la fulagi likhalemo, apo ayi anthu omwewo ndiwo azilawa zoyesa zonse.

Yerekezani malipiro olephera a gululi ndi a otsalawo. Akachuluka, zimitsani pomwepo. Zikakhala bwino, kwezani pa 5, 25, mpaka 100, ndipo mukatero fufutani fulagiyo m'pulogalamu.