Momwe mungawerengere nthawi yomwe mpamba wanu udzabwerere

Musanagule makina a bizinesi, werengerani zaka zomwe zidzadutse kuti ndalama zomwe mwalowetsa zibwerere. Njira zilipo ziwiri, ndipo mayankho ake amasiyana.

Tinene kuti makinawo ndi a 100,000. Mukachotsa zolipira zonse, akubweretserani 30,000 chaka choyamba, 40,000 chachiwiri, 50,000 chachitatu ndi 30,000 chachinayi.

Yambani ndi njira yachidule, yongophatikiza ndalama chaka ndi chaka. Pakutha pa zaka ziwiri mwapeza 70,000, kwatsala 30,000. Gawani yotsalayi ndi 50,000 ya chaka chachitatu, mupeza 0.6. Ndiye kuti mpamba wabwerera pa zaka 2.6.

Vuto la njirayi ndi lakuti imatenga ndalama ya mtsogolo ngati yofanana mphamvu ndi ya lero, pomwe ya lero mukanaisungitsa n'kupindula nayo, kapena munachita kukongola ndipo ikubala chiwongoladzanja. Njira yachiwiri imakonza zimenezi potsitsa ndalama za chaka chilichonse kuti zifike pa mtengo wake wa lero:

```
mtengo wa lero = ndalama ÷ (1 + r)^n
```

Apa r ndi chiwongoladzanja, n ndi chaka chomwe ndalamazo zikubwera. Titenge 10 peresenti, ndiye kuti r ndi 0.1. Chaka choyamba mugawa 30,000 ndi 1.1, mupeza 27,273. Chachiwiri mugawa 40,000 ndi 1.21, yomwe ndi 1.1 kuchulukitsa ndi 1.1, mupeza 33,058. Chachitatu ndi 37,566, chachinayi 20,490.

Tsopano phatikizaninso. Zaka zitatu zoyamba zikupereka 97,897, kutanthauza kuti mpamba sunakwane, kwatsala 2,103. Gawani imeneyi ndi 20,490, mupeza 0.1. Yankho ndi zaka 3.1, theka la chaka pamwamba pa lija la poyamba.

Ine ndimakhulupirira njira yachiwiriyi, koma nayonso ili ndi pofooka: yankho lake lonse lagona pa r yemwe mwasankha. Ikani 20 peresenti, zaka zinayi zonse zingopereka 96,181, ndipo makina omwewo sabweza mpamba n'komwe. Choncho musalote nambalayi. Tengani chiwongoladzanja cha ngongole yanu kapena phindu lomwe ndalamazo zikanapanga kwina, ndipo yesani ziwiri kapena zitatu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri chili m'njira zonse ziwiri: mpamba ukangobwerera, zimasiya kuwerenga. Makina ena akhoza kubweretsa ndalama zofanana ndi awa pa zaka zinayi, kenako n'kupitiriza kugwira ntchito zaka zina zisanu. Njira zonsezi zinena kuti makina awiriwa ndi ofanana, chonsecho phindu lake n'losiyana kutalitali. Mukamayerekeza makina awiri, phatikizani mtengo wa lero wa zaka zonse n'kuchotsapo mpamba. Pa makina athuwa, pa 10 peresenti, ndi 118,387 kuchotsa 100,000, kutsala 18,387.