Momwe mungajambulire chipinda chogona cha lendi ndi kuchifotokoza osanamiza munthu

Ambiri ofuna nyumba amayamba kuiona pa foni, ndipo chithunzi cha kuchipinda ndi chimene chimavuta kwambiri: malo ndi ochepa, bedi ladzaza pakati, windo likuthobwa m'maso. Titenge chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi 3.5 m'litali, windo limodzi loyang'ana kum'mawa, chitseko chili pakona.

Yambani ndi kukonza, foni ikadali m'thumba. Yalani bedi mokoka bwino, mapilo awiri basi. Neti ya udzudzu imangeni m'mwamba kapena itsitseni, chifukwa ikalendewera imatchinga theka la chipinda. Nsapato, beseni, mabotolo a mafuta odzola, zingwe za chaja, masutukesi a pamwamba pa wadiropu, zonse zituluke. Zithunzi za abale pakhoma zichokenso, popeza chithunzichi chiyenda m'magulu a anthu osawadziwa.

Kenako kuwala. Tsegulani makatani onse ndipo zimitsani babu. Kuwala kwa babu ndi kwa dzuwa kumasiyana mtundu, ndiye mukaphatikiza, khoma limodzi limaoneka lachikasu, lina lotuwa, ngati penti inathera panjira. M'chipinda chathuchi musajambule dzuwa litangotuluka, chifukwa limalowa mwachindunji n'kusiya chigamba choyera kwambiri pabedi, kwina konse kuli bii. Dikirani likwere, cha m'ma 10 koloko, kuwala kukhale kofewa. Tsiku la mitambo yopyapyala ndi labwino koposa.

Tsopano poima. Imani pakhomo kapena pakona, windo likhale chakumbali kwanu, osati kutsogolo kwenikweni. Pukutani diso la kamera, gwirani foni chopingasa, ndipo itsitseni ifike cha pachifuwa kapena m'munsi pang'ono, pafupifupi mamita 1.2 kuchokera pansi. Apa ndi pamene ambiri amalakwa. Munthu akaima chilili n'kuweramitsa foni kuti bedi lilowe, makoma amapendekeka, wadiropu n'kuoneka ngati ikugwa. Yatsani Grid mu kamera kuti pasikirini pabwere mizere, ndipo mphuthu ya chitseko kapena kona ya khoma iyende limodzi ndi mzere woimirira. Zikasemphana, foni yapendekeka. Ngati denga lachuluka, tsikani ndi mawondo, musaweramitse foni.

Nkhani ya kutambasula ndiyo imandikhudza kwambiri. Mafoni ambiri ali ndi 1x ndi 0.5x mu kamera, ena 0.6x; nambala ikachepa, kamera imatambasula n'kugwira malo aakulu. Mu chipinda chaching'ono ngati ichi, 1x ingogwira bedi ndi khoma limodzi, choncho 0.5x ndi yofunika kuti makoma atatu, windo ndi pansi zioneke pamodzi. Koma imakoka zinthu za m'mphepete: bedi likakhala kumapeto kwa chithunzi limatalika ngati benchi ya kutchalitchi, ndipo chipinda chimaoneka chachikulu kuposa momwe chilili. Bedi likhale chapakati, ndipo mukajambula dulani pang'ono m'mbali momwe mwakokeka. Muyeso wake ndi uwu: yang'anani tebulo la pambali pa bedi kapena matailosi a m'mphepete. Ngati atalika kuposa anzawo a pakati mooneka, bwererani kumbuyo, ngakhale kutulukira pakhomo pang'ono. Munthu amene walipira minibasi kudzaona chipinda n'kupeza ndi theka la zimene anaona, sakukhulupiriraninso pa za madzi kapena magetsi.

Windo likayera mbuu osaoneka za panja, yatsani HDR, imene imalinganiza malo owala ndi amdima pachithunzi, kapena gundani pakhoma pafupi ndi windo n'kutsitsa kuwala pang'ono ndi chala. Kamera ya 0.5x nthawi zambiri imafooka mumdima, ndiye tsamirani zigongono pamphuthu kuti chithunzi chisagwedezeke. Fulashi ayi.

Chatsala ndi mawu a pansi pa chithunzi. Siyani "chipinda chapamwamba" ndi "malo abata"; aliyense amalemba zomwezo. Lembani zimene munthu angayeze ndi tepi kapena kuona ndi maso, kuyambira kukula, kenako kuwala, kenako zomwe zitsale m'nyumbamo. Mwachitsanzo: "Chipinda chogona cha mamita 3 ndi 3.5, chojambulidwa kuchokera pakhomo ndi 0.5x, masana, babu lili chozima. Windo likuyang'ana kum'mawa ndipo lili ndi zitsulo zoteteza. Pansi ndi matailosi, siling'i ilipo. Bedi la anthu awiri likukwana n'kutsala njira mbali zonse ziwiri. Wadiropu ndi yomangira kukhoma. Bedi ndi makatani sizitsala."

Potumiza pa WhatsApp, sankhani HD kapena tumizani ngati Document, apo ayi chithunzi chimafinyidwa ndipo mbali zamdima zimachita madonthomadontho.