Ndalama Ikamachoka Yokha mu Akaunti Mwezi ndi Mwezi

Mayi wina amene amagulitsa usipa ndi matemba mu msika wa Limbe ali ndi chizolowezi chabwino cholemba m'kope ndalama iliyonse imene wasungitsa kubanki. Nyengo yopikula nsomba ku Mangochi itakwana, anapita kukatapa mpamba wake wonse, koma ndalama imene anaipeza inapelewera ndi K63,000 poyerekeza ndi za m'kope. Poyamba anakayikira mwana wa mchemwali wake yemwe ankamutuma kwa ejenti, ndipo pakhomo panada kwa masiku angapo. Mnzake wa pa benchi yoyandikana ndiye anamuuza kuti, "Asisi, musanamunamizire mwana, katengeni kaye sitetimenti." Pepalalo litatuluka, zinaoneka kuti mwanayo ankasungitsa ndalama zonse bwinobwino. Chimene chinkachitika n'chakuti pa 28 mwezi uliwonse mu akaunti munkachoka K4,500, ndipo zinali zitachitika miyezi 14. Pambali pa ndalamayo panalembedwa mawu akuti PREMIUM. Inali inshuwalansi ya maliro imene anasainira tsiku lomwe ankatenga ngongole yaing'ono, pakati pa mapepala ambiri amene anangouzidwa kuti "sainani apa, apa ndi apa". Ngongoleyo anaibweza kalekale, koma inshuwalansiyo inali pangano lapadera, choncho inapitirira.

Ndikamakumana ndi magulu a amalonda, ambiri amafunsa kuti munthu wolemba m'kope angalephere bwanji kuona zimenezi chaka chathunthu. Chifukwa chake chili m'mene wamalonda amagwiritsira ntchito akaunti. Munthu wapantchito amalandira kamodzi pamwezi, ndiye ndalama ikachoka amaona msanga. Wamumsika amaika K15,000 lero, K8,000 mkuja, n'kutapako K20,000 Loweruka, choncho ndalama yotsala mu akaunti imasinthasintha tsiku ndi tsiku ndipo K4,500 imabisala mosavuta. Komanso kasitetimenti kakafupi kamene mumaona pafoni kapena pa makina otapira ndalama kamangosonyeza zochitika zochepa zomalizira. Mukasungitsa kangapo pambuyo pa 28, mzere wa ndalama yodulidwa ija umakhala utakankhidwa kale. Mayi uja analinso ndi vuto lina: anasintha nambala ya foni foni yake itabedwa, osakauza banki, kotero mauthenga ankapita ku nambala yakale.

Ndiye chofunika ndi sitetimenti yathunthu. Pitani kunthambi ya banki yanu ndi chiphaso chaunzika, mupemphe ya miyezi isanu ndi umodzi, osati mwezi umodzi, chifukwa chinthu chobwerezabwereza sichioneka pa mwezi umodzi. Funsani kaye mtengo wake, popeza kusindikiza sitetimenti kawirikawiri amalipiritsa. Mukafika kunyumba khalani pansi ndi kope lanu ndi cholembera. Yang'anani danga la ndalama zotuluka lokha, limene pamwamba pake amalemba Debit, ndipo chongani ndalama iliyonse imene mukuikumbukira kuti munatapa kapena kutumiza nokha. Zotsala zosachongedwa muzizinge. Kenako onani ngati pa zozingidwazo pali ndalama yofanana ndendende imene ikubwera tsiku lofanana mwezi uliwonse. Tsikulo likhoza kusuntha pang'ono likagwera Lamlungu kapena pa holide, musasokonezeke nazo.

Si ndalama yodulidwa iliyonse imene ili yolakwika, ndipo apa m'pamene mawu olembedwa pambali amathandiza. Mukaona mawu onga ledger fee kapena maintenance fee, imeneyo ndi ndalama imene banki imalipiritsa posunga akaunti ya mtundu umenewo. Simungaiimitse, koma mungafunse ngati pali akaunti ina yotsika mtengo yoyenera malonda anu. Mukaona standing order, limenelo ndi lamulo limene inu munapatsa banki kuti izitumiza ndalama kwinakwake, mwina ku akaunti yosungira kapena kobweza ngongole, ndipo mumaliletsa ku banki komweko polemba fomu. Chovuta kwambiri ndi chonga cha mayi uja, chimene nthawi zambiri chimalembedwa debit order kapena direct debit. Apa kampani ina ndi imene imabwera kudzatenga ndalama, pogwiritsa ntchito chilolezo chimene munasainira. Banki imangotsegula khomo. Mukaletsa kubanki kokha, kampani ija imaonabe ngati pangano lilipo ndipo ingakuwerengereni ngongole ya miyezi yosalipira. Mukauza kampani yokha, mwina pakamwa chabe, ndalama ikhoza kudulidwanso mwezi wotsatira. Muyenera kulemba kalata mbali zonse ziwiri.

Musanaletse, pemphani kuona fomu imene akuti munasaina. Funso limeneli ndi limene limagamula ngati ndalama ibwerera kapena ayi. Ngati fomu palibe, kapena siginecha si yanu, kapena munaletsa kale mwa kalata koma akudulabe, muli ndi maziko olimba ofunira ndalama zonse zimene zinadulidwa popanda chilolezo. Koma ngati munasainadi, monga zinalili ndi mayi wa usipa uja, kubweza kumavuta, chifukwa kampani idzanena kuti miyezi yonseyo banja lanu linali lotetezedwa, maliro akanagwa akanalipira. Chimene mungadandaule pamenepo ndi choti sanakufotokozereni bwino, ndipo dandaulo limenelo lilembeni ndithu, popeza kusainitsa munthu chinthu chimene sakuchimvetsa si chilungamo ngakhale siginecha ikhale yake.

Ndiyeno ganizani kaye mofatsa, mkwiyo utaphwa. Mayi uja atawerenga mapepala a inshuwalansiyo anapeza kuti dzina lolembedwamo linali lake lokha, ana ndi mayi ake munalibe, ndipo anasankha kuiletsa. Wina akhoza kupeza kuti banja lonse lilimo ndipo K4,500 ndi yabwino kusiyana ndi kukongola katapira tsiku la maliro. Dziwani kuti inshuwalansi ya maliro mukasiya kulipira chitetezo chimatha, ndipo kawirikawiri zimene munalipira sizibwerera. Ngati ndalama ikudulidwayo ndi ya ngongole imene simunamalize, musayese kuithawa pochotsa ndalama zonse mu akaunti tsiku lisanafike. Chilango ndi chiwongola dzanja zimangowonjezeka, ndipo dzina lanu lingaipe m'mabuku amene obwereketsa ndalama amayang'anamo.

Kalata yanu isakhale yaitali. Lembani dzina, nambala ya akaunti, kuchuluka kwa ndalama, masiku onse amene inadulidwa, ndi chimene mukufuna: kuimitsa, kubweza, kapena zonse ziwiri. Lembani makope awiri, ndipo lanu alidinde chidindo cha tsikulo. Pemphaninso nambala ya dandaulo lanu ndipo funsani kuti yankho liyembekezeke liti. Perekani kalatayo kukadali masiku ambiri tsiku lodula lisanafike, chifukwa ikaperekedwa pa 27 ndalama ya pa 28 ikhoza kuchokabe. Pa ulendo womwewo konzetsani nambala ya foni yolandirira mauthenga. Wina akakuimbirani kuti akuthandizani kubweza ndalamayo mukamuuza PIN kapena manambala amene abwera pa uthenga, dulani foni, ameneyo ndi wakuba.

Banki kapena kampani ya inshuwalansi ikakhala chete, kapena yankho lake likapanda kukukhutiritsani, nkhani sithera pomwepo. Mabanki ndi makampani a inshuwalansi m'Malawi muno amayang'aniridwa ndi Registrar of Financial Institutions, udindo umene lamulo la 2010 loyendetsera ntchito za zachuma linapereka kwa Gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo ofesi imeneyi imalandira madandaulo a makasitomala. Reserve Bank ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu. Adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula kwa eni ake, ndiye tengani kalata yodindidwa ija, sitetimenti yozingidwa, ndi yankho lililonse limene munalandira.