Momwe mungamatire chubu cha njinga tayala likaphwa muli pa msewu

Tayala lakumbuyo ndi limene limaphwa kawirikawiri pa njinga yakapalasa, chifukwa ndi limene limasenza wokwera pamodzi ndi katundu wake. Zimene ndikufotokoza pano ndi za njinga wamba ya matayala a 28 x 1 1/2, yomwe a kabaza ndi ogulitsa makala amagwiritsa ntchito, ndipo ntchito yonse itheka popanda kuchotsa wilo pa njinga. Mukangomva kuti limu layamba kugunda pansi, tsikani nthawi yomweyo, pakuti kuyendabe pa tayala lopanda mpweya kumadula chubu malo ambiri ndiponso kumapinda limu.

M'kathumba ka pansi pa chishalo muyenera kukhala pampu, zitsulo ziwiri zosalala nsonga zotulutsira tayala, kachidutswa ka sandipepa, zigamba, solushoni ndi timphira ta vavu tosinthira. Ambiri amatulutsa tayala ndi sikuludiraiva, koma nsonga yake ndi yakuthwa ndipo imasiya bowo lachiwiri musanapeze n'komwe loyamba. Ngati zitsulo zenizeni mulibe, chigwiriro cha sipuni yachitsulo n'chabwino kuposa sikuludiraiva.

Musanamasule chilichonse, yambani mwaona vavu. Popani pang'ono, pakani malovu pakamwa pa vavu, ndipo mukaona thovu likufufuma dziwani kuti vuto si chubu ayi koma kamphira ka m'kati mwa vavu, komwe kamauma ndi kung'ambika kakakhalitsa. Kusintha kamphirako n'kosavuta komanso n'kotchipa kuposa chigamba, ndipo kumakupulumutsani ku ntchito yotulutsa chubu chomwe chilibe vuto.

Vavu ikakhala bwino, tsitsani katundu, sunthirani njinga pamthunzi kutali ndi magalimoto, ndipo muigoneke mbali ya tcheni ili pansi kuti mugwirire ntchito mbali yopanda mafuta. Zungulitsani wilo pang'onopang'ono mukuyang'ana tayala, chifukwa nthawi zina munga kapena msomali umaonekera kunja, ndipo mukatero mwadziwiratu pamene pali bowo. Masulani vavu, chotsani kanati kamene kamaigwira pa limu, ndipo tizigawo tonseto muike m'thumba la malaya, osati pansi, chifukwa kanthu kakang'ono kotero kakagwera mumchenga simungakapezenso. Finyani tayala kuzungulira konse kuti milomo yake itsikire pakati pa limu pomwe pali pakuya, kenako lowetsani chitsulo choyamba mbali yoyang'anizana ndi vavu, chachiwiri pafupi nacho, ndipo mutulutse mlomo umodzi wokha. Kankhirani vavu m'kati ndi kusolola chubu.

Bwezerani vavu pa chubu n'kuchipopa mpaka chifufume kuposa mmene chimakhalira m'tayala. Ngati pali madzi pafupi, kaya pa mjigo kapena m'beseni lobwereka, mizani chubu gawo ndi gawo mpaka muone thovu. Kopanda madzi, yendetsani chubu pafupi ndi milomo yanu kapena patsaya, chifukwa khungu la pamenepo limamva kampweya komwe khutu silingamve pa msewu wa phokoso, ndipo pamene mukukayikira mupakepo malovu. Mukapeza bowo, lizungulizeni ndi cholembera mzere waukulu, popeza mukaphwetsa chubu bowo laling'ono limatsekeka n'kusowa.

Bowolo limakuuzani chimene chachitika. Likakhala limodzi, laling'ono, mbali yakunja ya chubu, ndiye kuti ndi munga, waya kapena galasi. Akakhala awiri oyandikana ngati polumidwa ndi njoka, chubu chinapanikizidwa pakati pa limu ndi mwala kapena mphepete mwa dzenje chifukwa mpweya unali wochepa poyerekeza ndi katundu. Likakhala mbali ya m'kati yoyang'ana limu, wolakwa ndi mutu wa sipoko umene watulukira chifukwa lamba wophimba limu wasuntha kapena wadyeka. Koma chubu chikang'ambika patsinde penipeni pa vavu, kapena chikaphulika motalika, musataye zigamba zanu, pakufunika chubu china. Musaiwale kugoneka chubu pamwamba pa tayala, vavu pa bowo lake, kuti muone malo a tayala ofanana ndi bowo, ndipo muyendetse chala kapena kansalu m'kati mosamala kufikira mutachotsa munga. Munga wa mthethe umathyokera m'tayala, kunja osaoneka, ndipo mukausiya uboolanso chubu musanapite patali.

Tsopano tifike pomata penipeni, pomwe ntchito yambiri ya pa msewu imaonongekera. Ine chigamba chinandimatukira pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu, dzuwa likuswa mtengo, ndili ndi thumba la mbatata kumbuyo. Tayala linalimba bwino nditangopopa, koma posapita nthawi linayambanso kufewa, ndipo nditatulutsa chubu ndinapeza chigamba chatukuka mbali imodzi, pansi pake pali solushoni wonyowa wotanuka ngati ulimbo. Kuyambira pamenepo ndinamvetsa kuti solushoni sagwira ntchito ngati guluu wa mapepala amene amamata akadali wonyowa. Iye ndi mphira wosungunulidwa m'mankhwala ouluka, ndipo mankhwalawo ayenera kuuluka onse chigamba chisanaikidwe. Mukaphimba msanga, mankhwalawo amatsekeredwa pansi pa chigamba, ndipo tayala likatentha ndi phula, mpweya umadzipezera njira yopita m'mphepete.

Choncho phwetsani chubu, chipukuteni chiume ndithu ngati munachimiza m'madzi, ndipo muchikulunge pa pampu kapena pa bondo kuti malo a bowo akhale otambasuka. Palani ndi sandipepa malo okulirapo kuposa chigamba mbali zonse, mpaka kunyezimira kwa mphira kutachoka ndipo patsala pakuda bii, pokhakhala. Khungu lonyezimiralo ndi limene limakana solushoni. Bowo likakhala pafupi ndi kamzere kotukuka ka chubu, palani kamzereko mpaka kafanane ndi pena ponse, chifukwa chigamba chikakhala pamwamba pa mzere chimasiya kanjira ka mpweya m'mbali mwake. Sandipepa akasowa, mwala wokhakhala kapena simenti ya m'mphepete mwa ngalande ingathandize, bola mupale mofatsa. Uzirani fumbi lichoke, ndipo musakhudzenso malowo ndi chala, popeza thukuta ndi mafuta a tcheni n'zokwanira kulepheretsa chigamba.

Dontho limodzi la solushoni lofanana ndi njere ya nyemba limakwana pa chigamba chaching'ono. Lipakeni mopyapyala, lifalikire malo onse opalidwa, kupitirira pomwe chigamba chidzathere. Kenako dikirani. Pa tsiku lotentha mphindi zitatu kapena zisanu zimakwana, koma m'nyengo ya chisanu kapena ya mvula pamafunika nthawi yochulukirapo. Musadalire wotchi kwambiri, dalirani maso: solushoni wonyowa amanyezimira, wouma amazilala, ndipo mukakhudza m'mphepete mwake ndi kunja kwa chala amamata pang'ono osatsalira pa khungu. Kudikira mopitirira pang'ono sikuononga kanthu, koma kufulumira kumaononga zonse. Ndaonapo ena akuyatsa solushoni ndi machesi kuti aume msanga, ndipo sindingakulangizeni zimenezo, chifukwa moto umapsereza mphira wa chubu n'kuusiya wofooka pamalo omwe mukufuna kuti palimbe.

Akauma, matulani kapepala konyezimira ka pansi pa chigamba osakhudza mbali yomatayo, ikani chigamba bowo lili pakati, ndipo muchiike kamodzi kokha, osachisunthanso. Dinikizani mwamphamvu kuchokera pakati kupita m'mphepete, pogwiritsa ntchito msana wa chitsulo chotulutsira tayala, chubu chili pamalo olimba monga pa kaliyala. Chimene chimamata ndi mphamvu ya kudinikiza, choncho bwerezani kangapo makamaka m'mphepete. Kapulasitiki ka pamwamba mungathe kukasiya, chifukwa kukasenda mwachangu kumatukula mphepete mwa chigamba. Wazani kafumbi kosalala kapena choko pa solushoni wotsalira m'mbali kuti chubu chisamatirire ku tayala.

Pa nkhani ya zogula, samalani ndi solushoni wa m'timachubu tating'ono tomwe takhala nthawi yaitali pa benchi padzuwa. Ndinagulapo kamodzi pa msika wina, kooneka kodzadza bwino, koma nditaboola munatuluka mpweya wokha ndi kachibuluma kouma. Finyani kachubuko pang'ono musanalipire kuti mumve ngati muli zamadzi, ndipo kamene mwatsegula kale mukatseke zolimba, chifukwa kamauma kali m'thumba. Zigamba zotchipa kwambiri, zolimba ngati chikopa ndi zokhuthala mpaka m'mphepete, sizitanuka pamodzi ndi chubu. Chabwino chimakhala chofewa ndipo chimapyapyala cha kumphepete. Mitengo ikusintha mwezi ndi mwezi, komabe paketi ya zigamba ndi solushoni wabwino imamata mabowo ambiri pa ndalama yosafika ya chubu chatsopano. Guluu wouma mwachangu uja womatira mapulasitiki ndi nsapato musamuyese n'komwe, chifukwa amauma gwaa n'kusweka chubu chikangofufuma.

Zigamba za m'sitolo zikatha, dulani chigamba pa chubu chakale monga amachitira amisiri ambiri a pansi pa mtengo. Chiduleni chozungulira, chopanda ngodya, chipaleni mbali imodzi, ndipo solushoni mumupake ponse pawiri, pa chubu ndi pa chigamba, n'kudikira kuti mbali zonse ziume. Kumanga bowo ndi mphira wodula kungakufikitseni pa malo a malonda oyandikira, koma tayala limadumphadumpha pamalo omangawo ndipo si njira yoyendera ndi katundu.

Pobwezera, popani chubu pang'ono chabe kuti chikhale chozungulira, osachifufumitsa kwambiri chili kunja, popeza zimenezo zimakoka chigamba chatsopano. Onani kuti lamba wa limu waphimba mitu yonse ya masipoko. Chotsani vavu kanthawi kochepa kuti tsinde lake lilowe pa bowo la limu, liime mowongoka, lowetsani kanati ka pa limu osakamanga, bwezerani vavu, popaninso pang'ono, ndipo mulowetse chubu chonse m'tayala popanda kupindika. Bwezerani mlomo wa tayala ndi manja kuyambira pa vavu, mukukankhira vavu m'kati pang'ono kuti tsinde lake lisapanidwe, manja onse awiri akuyenda mbali zosiyana mpaka akumane. Gawo lomaliza likalimba, phwetsani mpweya wotsala, finyiraninso milomo pakati pa limu, ndipo mugudubuze tayala ndi zikhatho. Chitsulo chigwiritsidwe ntchito pokhapokha manja atalephera, ndipo chilowe pang'ono pokha, chifukwa apa ndi pomwe chubu chomatidwa bwino chimatsinidwa.

Finyani tayala kuzungulira muone ngati chubu sichikusuzumira pansi pa mlomo, popani theka, zungulitsani wilo kuti muone ngati tayala lakhala mofanana mbali zonse, kenako popani mpaka chala chachikulu chilephere kulibonyola. Mangani kanati ka vavu ndi zala zokha, yesaninso vavu ndi malovu, ndipo mukayenda kamtunda pang'ono muime n'kufinyanso tayala.